Musawatumizire abwana atsopano mulu wa maimelo, alembereni tsamba limodzi

Anzanga ogwira ntchito m'maofesi, pali chizolowezi china chimene chimandiwawa mtima. Abwana akale akuchoka, atsopano akufika, ndiye munthu amangotenga imelo yomaliza pa nkhani imene yakhala ikukokana kwa miyezi, n'kudina Forward, n'kulemba pamwamba kuti "Onani m'munsimu." Kwa iye ntchito yatha. Koma kwa wolandirayo, amene tsiku loyamba akufunika kudziwa anthu, makiyi ndi mapasiwedi, mwamusiyira ntchito ya maola atatu yofukula chinthu chimene inu mukanachinena m'mizere khumi. Ndipo nthawi zambiri sachipeza n'komwe.

Ndikunena izi chifukwa mwezi wa Malichi ndinapatsidwa ntchito imeneyi. Abwana athu amachoka kumapeto kwa mweziwo, ndipo amayi ena amabwera kudzalowa m'malo mwawo pa 1 Epulo. Nkhani yotentha inali ya denga la nyumba yosungiramo katundu, limene linkadontha. Pa nkhani imodziyi panali maimelo 43, kuyambira Januwale, pakati pa abwana, kontilakita, a ku akaunti, woyang'anira sitolo ndi ine.

Ndinayamba ndi kuwerenga kuchokera pa imelo yakale kwenikweni, imodziimodzi, cholembera chili m'manja. Izi zimaoneka zachidziwikire, koma mulu wa maimelo umakunamiza chifukwa yatsopano imakhala pamwamba pa zakale, ndiye umayamba kuwerenga yankho usanadziwe funso. Komanso sindinadalire mawu ogwidwa m'munsi mwa imelo yomaliza. Mawu amenewo amangosonyeza njira imodzi imene zokambiranazo zinadutsa. Wina akadina Reply m'malo mwa Reply All, nkhani imapatuka n'kukhala ndi nthambi imene ena onse sakuiona. Mu Gmail, wina akasintha mutu wa imelo, zokambiranazo zimayamba kuoneka ngati nkhani ina yapadera. Ndiye ndinafufuza ndi dzina la kontilakita m'bokosi langa, ndipo ndinapempha abwana akale kuti nawonso afufuze m'bokosi lawo. Anapeza maimelo ena 4 amene ine ndinali ndisanawaonepo. M'maimelo anayi amenewo ndi m'mene munali vuto lenileni.

Nkhani yake inali motere. Kotesheni yoyamba ya kontilakita inali ya malata 60, ndipo abwana anaivomera molemba pa 3 Febuluwale. A ku akaunti analipira theka, monga tinagwirizana. Kontilakita atakwera padenga anapeza kuti matabwa ena anawola, ndipo anatumiza kotesheni yachiwiri ya malata 85 ndi matabwa atsopano. Koma anaitumiza kwa abwana okha. Abwana, ali pa liwiro, anayankha mawu awiri: "Ndaona, tikambirana." Kontilakita anamva ngati avomera, moti m'maimelo otsatira ankalemba ngati nkhani ya malata 85 inatha kale. A ku akaunti, amene sanaione kotesheni yachiwiriyo, ankadikira invoisi yomaliza ya malata 60. Munthu wowerenga imelo ya pamwamba yokha akanaganiza kuti zonse zili bwino, chifukwa inali yaulemu, yothokozana, yonena kuti ntchito iyamba posachedwa.

Apa ndi pamene pali maganizo anga enieni. Polemba kalata yosiyira munthu ntchito, chofunika kwambiri ndi kusiyanitsa zinthu zitatu zimene m'maimelo zimaoneka zofanana: chimene chinavomerezedwa, chimene chinangoperekedwa ngati ganizo, ndi chimene wina akuganiza kuti analonjezedwa. Pa pepala langa, pa mfundo iliyonse ndinkadzifunsa kuti, ndani ananena kuti inde, tsiku liti, ndipo anali ndi mphamvu yonena inde? Ngati sindikupeza imelo yoti ndingailoze ndi chala, mfundoyo sindinkailemba ngati yotha. "Ndaona" si chilolezo. Kukhala chete kwa a ku akaunti si kuvomera, makamaka ngati sanatumiziridwe n'komwe. Ngakhale "chabwino" amafunika kumuyang'ana kawiri, chifukwa mwina akuyankha funso lina lam'mwamba, osati lomalizalo.

Chachiwiri chimene chinanditengera nthawi ndi masiku. Imelo ina inati ntchito iyamba "Lachisanu likudzali." Inalembedwa pa 10 Malichi, ndiye tanthauzo lake linali pa 14 Malichi. Munthu woiwerenga pa 1 Epulo angaganize kuti ndi Lachisanu la sabata imene iye wafikayo. M'kalata yosiyirana ntchito mulibe malo a "mawa", "sabata yamawa" kapena "kumapeto kwa mwezi". Tsiku lililonse lilembedwe ndi deti lake. Ndipo tsiku la pa 14 lija linali litadutsa popanda chochitika, koma palibe imelo imene inafotokoza chifukwa chake. Nditafunsa woyang'anira sitolo anandiuza kuti anagwirizana pafoni ndi kontilakita kuti adikire mpaka katundu atachotsedwa mbali imene ikudonthayo, ndipo tsiku latsopano linali Lolemba pa 7 Epulo. Zokambirana za pafoni ndi za pakhonde sizipezeka m'maimelo. Ukaona kuti nkhani yalumpha, dziwa kuti panali foni pakati, nyamuka ukafunse.

Nditamaliza zonsezi ndinalemba, ndipo ndinayamba ndi m'mene zinthu zilili lero, osati m'mene zinayambira. Mtima umafuna kuyamba kuti "M'mwezi wa Januwale tinazindikira kuti denga likudontha," chifukwa ndi m'mene ifeyo tinaionera nkhaniyo. Koma wofikayo funso lake loyamba ndi lakuti, chikundidikira ine n'chiyani, ndipo pofika liti? Kalata yanga inayamba chonchi:

"Mayi, pali chinthu chimodzi chofuna chigamulo chanu pasanafike Lachisanu pa 4 Epulo: kuvomera kapena kukana kotesheni yachiwiri yokonzera denga la nyumba ya katundu. Kontilakita akubwera Lolemba pa 7 Epulo, ndipo iye akuganiza kuti kotesheniyo inavomerezedwa kale. Sinavomerezedwe. Chimene chinavomerezedwa molemba ndi kotesheni yoyamba ya malata 60, pa 3 Febuluwale, ndipo theka lake linalipidwa. Yachiwiri ndi ya malata 85 ndi matabwa. A ku akaunti sanaione."

Pambuyo pake ndinaika ndime ina yaifupi yonena chifukwa chake kotesheni inasintha, ina yonena amene akugwira chiyani ndi amene akudikira yankho kwa ndani, ndi ina yonena chimene chingachitike akachedwa: kontilakita akhoza kugula zipangizo za kotesheni yachiwiri, n'kubweretsa invoisi imene a ku akaunti adzaikana. Ndinalembamonso poyera chinthu chimodzi chimene palibe anachitsimikiza, chakuti munthu wa kwathu sanakwere padenga kukaona matabwa owolawo, timangodalira zithunzi za kontilakita. Zonse zinakwana tsamba limodzi.

Za mafayilo ndinene pang'ono, poti ambiri amagwa apa. Ukadina Reply, mafayilo amene anamatidwa pa imelo yoyamba sapita nawo. Ukadina Forward pa imelo yomaliza, umangotumiza mafayilo a imelo imeneyoyo. Ndiye mulu wonse ukhoza kumanena za "kotesheni imene ndamata" kakhumi, koma wolandirayo osapeza fayilo ngakhale imodzi. Ine ndinafukula mafayilo atatu okha ofunika, makotesheni awiri ndi umboni wa malipiro, ndinawapatsa mayina okhala ndi madeti, n'kuwamata pa kalatayo. Panali kotesheni ina yakale imene inali ndi cholakwika pa masamu ndipo inakonzedwa tsiku lomwelo. Imeneyo ndinaisiya dala, chifukwa kuika mafayilo awiri ofanana ndi kuitana chisokonezo.

Pali zimene ndinazisiya mwadala, ndipo ena atha kutsutsana nane. Pakati pa maimelowo panali sabata imene woyang'anira sitolo ndi a ku akaunti anayankhana mawu olimba pa za kuchedwa kwa malipiro. Sindinalembemo. Mkanganowo unatha, ndalama inalipidwa, ndipo sunasinthe chilichonse pa chigamulo chimene amayiwo amafunika kupanga. Kuuika m'kalata kukanangowapatsa chithunzi choipa cha anthu awiri amene anali asanawapatse n'komwe moni. Kalata yotere imayenda, imatumizidwa kwa ena, imasungidwa zaka. Chimene sindingathe kuchinena mwini wake ali pomwepo, sindichilemba. Koma chikanakhala kuti mkanganowo ukadalipo ndipo ukutsekereza ntchito, ndikanaulemba m'mawu osakondera: mfundo yakuti ndi yakuti sanagwirizanebe, uyu akuti chakuti, uyo akuti chakuti.

Wina anene kuti, nanga iwe wolemba ukalakwitsa? Mulu wa maimelo suja ndiye umboni weniweni? N'zoona, ndipo n'chifukwa chake maimelowo sindinawataye. Pa mfundo iliyonse yaikulu ndinalemba deti la imelo imene inachokera, ndipo mulu wonse ndinausunga pamalo oti amayiwo atha kuutsegula akafuna kutsimikiza. Komanso ndisanatumize ndinapita kwa abwana akale ndi pepalalo. Ndinawafunsa kuti, "Bwana, paja munayankha kuti tikambirana. Kodi munakambirana?" Anakhala kaye chete, kenaka anati ayi, zinawachoka m'mutu ndi zokonzekera kuchoka. Funso limeneli limayankhika abwana akale akadalipo. Akachoka, bokosi lawo la maimelo nthawi zambiri limatsekedwa, ndipo foni yawo imakhala pa ntchito ina.

Kenaka ndinapereka kalatayo kwa mnzanga wa dipatimenti ina amene nkhani ya denga sankaidziwa. Atawerenga kamodzi ndinamulanda pepalalo n'kumufunsa kuti abwana atsopano achite chiyani, pofika liti, ndipo aimbire ndani. Ziwiri anayankha bwino. Pa funso lachitatu anakakamira, chifukwa ndinali nditalemba dzina la munthu wa ku akaunti popanda udindo wake, ngati aliyense amamudziwa. Ndinabwerera n'kuwonjezera udindo pa dzina lililonse, ndi kumasulira zidule ziwiri za mu ofesi mwathu zimene ife timazitchula osaganiza.

Amayiwo anaiwerenga m'mawa wa tsiku lawo lachiwiri. Anandiitana, anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti ndani angakwere padenga kukaona matabwawo, ndipo masana omwewo anaimbira kontilakita kumuuza kuti asagule chilichonse mpaka Lachisanu.