Chenjezo: Lamba wa makina a bipi si wa mkono uliwonse

Abale anga a kuno ku Mangochi, lekani mphwayi imeneyi. Mwana wakutumizirani makina oyezera bipi kuchokera ku Joni, ndiye banja lonse mpaka aneba mukumangana lamba yemweyo, wowonda ndi wonenepa yemwe, osayang'ana n'komwe zomwe zalembedwa palambapo. Manambala akakwera mwayamba kulira, ena mpaka kubwereka mankhwala kwa mnzawo. Zimenezi n'zoika moyo pachiswe!

M'kati mwa lambayo muli kathumba ka mpweya. Ntchito yake n'kufinya mkono mpaka mtsempha waukulu utatsekeka, ndipo makina amawerenga mphamvu ya mpweya womwe wafunika. Kathumbako kakachepa, kamangofinya chigawo chochepa cha mkono, mphamvu yake n'kuthera m'minofu isanafike pa mtsempha. Makina amapopabe mpweya wochuluka kuti autseke, ndiye nambala imatuluka yokwera pomwe magazi anu akuyenda bwinobwino.

Kafukufuku wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, wofalitsidwa mu 2023, anapeza kuti anthu ofunika lamba wamkulu atayezedwa ndi wapakati, nambala yam'mwamba inakwera ndi pafupifupi 5. Kwa a mikono yoposa masentimita 40 kuzungulira kwake inakwera ndi pafupifupi 20. Tsono taganizani mayi wa mkono wa masentimita 42, amene bipi yake yeniyeni ndi 128. Ndi lamba wochepa makina akhoza kuonetsa 148, kudutsa 140, malire amene madokotala amati bipi yakwera. Akayamba kumwa mankhwala osafunika, ndi kutentha kwathu kuno, chizungulire sichichedwa, n'kugwera pamoto akuphika. Musati ndi za onenepa okha ayi. Msodzi wopalasa bwato tsiku ndi tsiku mkono wake ndi waukulunso.

Pitani kwa telala mukabwereke tepi. Pezani pakatikati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, mkono uli lende, muzunguze tepi osakoka. Kenako werengani palamba. Ambiri obwera ndi makina amalembedwa 22-32 cm. Ngati mkono wanu wadutsa pamenepo, funani wa 32-42 cm kapena woposa, koma wa mtundu womwewo wa makina anu. Kathumba kaja kayenera kuzungulira pafupifupi magawo 80 pa 100 a mkono. Lamba wokulitsa nayenso amanama, amatsitsa nambala pang'ono.

Lamba wochepa sabisika: amamata movutikira, amalira kuti phwee n'kumasuka makina akupopa, ndipo kamzere kake kamagwera kunja kwa malire olembedwa. Mukaona zotere musamangirire ndi chitenje kapena kugwirizira ndi dzanja, monga ena akuchitira.

Inu amene muli kale pa mankhwala, musasiye nokha chifukwa cha mawu angawa. Tengani makinawo ndi lamba wake kuchipatala, muuze adokotala kukula kwa mkono wanu, akuyezeni ndi lamba wokwana, muyerekeze manambala awiriwo.