Chenjezo kwa achinyamata amene mukuseka maluwa a m'mamawa

Ana inu ndi adzukulu amene muli m'magulu a banja a pa WhatsApp, pali khalidwe lina limene lakhala likundiwawa mtima, ndipo lero ndaganiza zolinena poyera. Munthu wamkulu akatumiza m'bandakucha chithunzi cha maluwa cholembedwa kuti Mulungu akudalitseni tsiku la lero, ena mwa inu mumayankha ndi tinkhope toseka, ndipo ena mumafika pojambula uthengawo n'kukauika pa sitetasi kuti anzanu aseke nawo.

Kwathu kuno munthu sadutsa pakhomo pa mbale wake m'mawa osafunsa kuti mwadzuka bwanji, chifukwa ndi pa funso limenelo pamene timadziwira amene wagona ndi malungo ndiponso amene mwana wake walira usiku wonse. Lero mabanja anamwazikana, wina ali ku Mzuzu, wina ku Joni, wina kutsidya kwa nyanja, ndipo chithunzicho ndicho chalowa m'malo mwa odi wa m'mawa uja. Akuluakulu amasankha chithunzi chifukwa maso anayamba kuchita chidima, timalemba ta pa foni n'tating'ono kwa zala zimene zakhala zikugwira khasu, komanso foniyo imasandutsa mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi munthu akamalemba. Kutumiza chithunzi chimene walandira kwa mnzake wa kumpingo kumangofuna kudina kawiri kapena katatu.

M'banja mwathu muli mayi wina wamasiye amene amakhala yekha kumudzi, ndipo ankatumiza duwa lofiira tsiku lililonse tambala atangolira kachiwiri, asanapite kudimba. Tsiku lina mdzukulu wina analemba kuti, "Agogo atsegulanso munda wawo wa maluwa," ndipo anzake anatsatira ndi kuseka. Mayiyo sanayankhe kanthu, anangosiya kutumiza. Patapita milungu ingapo anadwala, nagona masiku atatu m'nyumba, ndipo palibe aliyense wa ife amene anadabwa ndi kukhala chete kwawo, popeza tinali titazolowera kale. Tinamva kwa mnansi amene anaona kuti chitseko chikumakhala chotseka mpaka dzuwa kufika paliwombo. Duwa lija likanakhala likubwerabe, tikanaimba foni m'mawa wa tsiku loyamba lomwelo.

Sindikukana kuti dandaulo lanu lili ndi maziko. Anthu 8 akamatumiza chithunzi chimodzi aliyense tsiku ndi tsiku, pa masiku 30 zimakwana 240, ndipo zimadya bandulo, zimadzaza foni, mpaka kukwirira uthenga wofunika. Koma vuto limeneli mankhwala ake ali m'manja mwanu momwemo, ndipo inu ndinu amene mumaidziwa foni kuposa ife. Lowani pa Settings mu WhatsApp, kenaka Storage and data, ndipo pansi pa Media auto-download musankhe When using mobile data n'kuchotsa chizindikiro pa Photos ndi Videos. Mukatero chithunzi chizioneka mwachimbuuzi, ndipo chidzatsika pokhapokha mwachidina nokha, koma dzina la wotumiza ndi nthawi yake mudzazionabe, zomwe ndi zokwanira kukuuzani kuti agogo adzuka. Zakale zimene zadzaza kale mungazifufute pa Manage storage, pamalo omwewo, posankha gulu la banjalo lokha.

Chimene ndikukuletsani ndi kulitseka pakamwa gulu lonse ndi Mute n'kuliiwala kwa mlungu wathunthu, chifukwa uthenga wa matenda ndi wa maliro umadzera khomo lomwelo limene maluwa amadzera. Ndaonapo mnyamata akufika pa siwa mwambo wonse utatha, akudandaula kuti sanauzidwe, chonsecho uthenga unali m'foni mwake kuyambira dzulo lake.

Anzanga akuluakulu, nanunso ndikupempheni kuti chithunzi chimodzi pa tsiku n'chokwanira, ndipo mavidiyo a nyimbo ndiwo amamaliza bandulo ya ana msanga kuposa zithunzi. Musamatumize zija zoopseza kuti amene sagawira anthu khumi aona tsoka, pakuti dalitso silibwera ndi chiopsezo, ndipo mukaona pamwamba pa uthenga palembedwa Forwarded many times, dziwani kuti wadutsa m'manja ambiri ndipo mwina ana anaulandira kale kwina. Ngati kulemba kukuvuta, gwirani kachizindikiro ka maikolofoni n'kunena ndi pakamwa panu kuti mwadzuka bwanji.

Mayi uja anachira, ndipo mdzukuluyo tinamutuma kumudzi kuti akapepese pamasom'pamaso, atakhala pansi monga mwa ulemu wathu. Iwo anamukhululukira, koma mpaka lero sanayambirenso kutumiza duwa lawo, moti tsopano tinagawana masiku oti tiziwaimbira foni m'mawa uliwonse, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ndi a mnyamatayo.