Kupweteka kwa kumanja pansi pa nthiti mukadya zamafuta, lekani kukutcha maalisa

Ana anga tamverani kuno, nkhaniyi yandikwana. Munthu wadya nyama yonona kapena zokazinga madzulo, pakapita ola limodzi kapena awiri wayamba kubuula atagwira kumanja pansi pa nthiti, thukuta lili kamukamu, nseru, mwinanso kusanza. Kukacha ululu watha, iye nkumati aaa anali maalisa chabe, nkumakagula mankhwala a asidi wa m'mimba. Wakuuzani ndani kuti ndi maalisa? Munayezetsa kuti?

Pansi pa chiwindi, mbali ya kumanjako, pali kathumba ka ndulu. Ndulu imapangidwa ndi chiwindi, kathumbako ntchito yake nkusunga basi. Mukadya zamafuta kamadzifinya kuti ndulu itsikire m'matumbo ikathandize kugaya mafutawo. Tsono mwa anthu ena ndulu ija imaundana nkupanga timiyala, tambiri timakhala ta kolesiterolo, mtundu wina wa mafuta a m'thupi, ndipo kathumba kakadzifinya kamwala kamodzi kamakatseka pakhomo potulukira, kathumba kakukankha koma njira yatsekeka, ululu umene mukumvawo ndi umenewo. Sufanana ndi kupotokola kwa m'mimba kobwera nkupita, umangogwira osasiya kwa mphindi 30 mpaka maola angapo, ndipo kawirikawiri umalasa kumsana kapena paphewa la kumanja.

Chimene chimakupusitsani nchoti kamwala kaja kakasuntha nkubwerera m'kathumba ululu umazimiririka, munthu nkumaona ngati wachira. Simunachire ayi, timiyala tikadali momwemo, tikudikira tsiku lina.

Ndikunena izi chifukwa cha mlamu wanga, mayi wa zaka za m'ma 40, wathupi ndithu, wobereka kangapo. Anthu otere ndi amene vutoli limawakonda, ngakhale abambo nawonso limawagwira. Miyezi inapita ululu ukumubwerera akadya zonona, tikamuuza za kuchipatala iye nkumati ndamwa kale mankhwala opha ululu, zitha. Usiku wina sizinathe. Kunacha ululu ulipobe, thupi latentha, akunjenjemera, ukangomukhudza pansi pa nthiti za kumanja akukuwa, ngakhale kukoka mpweya kwambiri amalephera. Kamwala kanali katakanirira pakhomo paja, kathumba katupa nkuyamba kutukusira. Anagonekedwa m'chipatala pa diripi ndi maantibayotiki, kenako opareshoni. Ndinamuona ndi maso angawa mmene anavutikira, ndipo zonsezi zikanakonzedwa mwa mtendere akanapita pachiyambi pomwe.

Ndiye gwirani ichi. Ululu ukapitirira maola 6 osaleka, kapena wabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mukungosanza osasiya, musadikire kuti kuche, nyamukani. Mukaona maso achita chikasu, mkodzo wada kwambiri, chimbudzi chayezuka ngati dothi lotuwa, ndiye kuti kamwala katsika nkutseka njira yaikulu ya ndulu, ndulu ikubwerera m'magazi. Pamenepo matenda atha kulowa m'magazi munthu nkupita. Nthawi zina kamwala komweko kamatupitsa kapamba wothandiza kugaya chakudya uja, ululu wake woboola mpaka kumsana.

Ngakhale ululu utatha wokha, pitani mukaonane ndi dokotala. Mumuuze bwinobwino pamene pamapweteka, mumakhala mutadya chiyani, ululu umatenga maola angati. Timiyala timaoneka pa sikani ya pamimba, yosapweteka nkomwe, ndipo amakuuzani kuti musadye kwa maola pafupifupi 6 kuti kathumba kadzaze kaoneke bwino, inu musamabe kudya panjira. Amathanso kuyeza magazi kuti aone mmene chiwindi chilili. Mwina akapeza kuti ndi maalisadi, chabwino, koma anene ndi amene wayeza.

Ndipo inu amene mumaphunzitsa anzanu kuti amwe kapu ya mafuta a olivi osakaniza ndi mandimu ati kutsuka ndulu, lekani zimenezo chonde. Tizibulunga tobiriwira timene mumationa m'chimbudzi nkumasangalala kuti miyala yatuluka, ndi mafuta omwewo amene munamwa ataundana m'matumbo. Mukumwetsa kapu yathunthu ya mafuta munthu amene kathumba kake kamapweteka ndi mafuta, mukufuna kamwala kakanirire? Enanso ndi awa odzimana chakudya kuti aonde msangamsanga, dziwani kuti kuonda mothamanga nako kumabala timiyala.

Kuchepetsa zamafuta kumathandiza kuti ululu usabwerebwere pamene mukudikira thandizo, koma sikusungunula timiyala tomwe tilipo kale. Ngati tayamba kukuvutitsani, nthawi zambiri madokotala amachotsa kathumba konseko, ndipo ambiri mumathawa pamenepa kuti ndikhala bwanji wopanda ndulu. Ndulu siitha, chiwindi chimapangabe, imangotsikira m'matumbo mwachindunji. Ena amatsegula m'mimba kwa kanthawi kenako zimakhazikika. Mlamu wanga uja lero akudya bwinobwino ndipo usiku akugona tulo.