Kagalu kanangomukanda ndi dzino, koma tinapitabe kuchipatala

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 7, analumidwa pa chala chachikulu ndi kagalu ka oyandikana nawo nyumba. Kuti analumidwa ndikungonena, poti dzino linangokanda khungu, magazi n'kutuluka kadontho kamodzi. Agogo ake anali atatuma kale munthu kukameta ubweya wa kagaluko kuti auwotche, phulusa lake apake pabalapo. Nditanena zopita kuchipatala anandiseka. Amvekere, "Kabala ngati aka mukawonongere ndalama ya kabaza?"

Sindikuwanyoza agogo, anatilera ndi nzeru zawozo. Koma pa nkhani ya chiwewe kuchepa kwa bala n'kumene kumapha anthu, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu wodwala. Kakalowa pamene khungu lang'ambika, kaya ndi dzino, kaya galu wanyambita chilonda chakale kapena m'maso ndi m'kamwa, sikayenda ndi magazi ngati malungo. Kamayamba kakhala m'mnofu wa pabalapo, kenaka n'kulowa mu mtsempha uja umatithandiza kumva kuwawa, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka ku ubongo. Ulendowu nthawi zambiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kwa ena ndi sabata imodzi, kwa ena chaka. Nthawi yonseyi bala limakhala litapola, mwana akusewera mpira, za galu uja zitaiwalika. Bala la kumaso, pakhosi kapena pa zala ndi loopsa kwambiri chifukwa pamenepo mitsempha ndi yambiri, ndipo kumasoko njira ya ku ubongo ndi yaifupi. Ana ndi amene amalumidwa kwambiri malo amenewa, poti iwo ndi galu msinkhu ndi umodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ndipo pa anthu 10 alionse, pafupifupi 4 amakhala ana osakwana zaka 15.

Kachilomboka kakafika ku ubongo nkhani yatha. Munthu amayamba kumva kuyabwa kapena dzanzi pa chipsera chija, thupi kutentha, kusowa mtendere, kenaka ludzu limamugwira koma akati amwe madzi pakhosi pamakokana mpaka amaopa kapu. Apa m'pamene achibale amathamangira kwa asing'anga n'kumalozana zala za ufiti. Zizindikiro zikaoneka palibe mankhwala ochiza, ndipo pafupifupi aliyense amamwalira m'masiku ochepa.

Ndiye chilichonse chimene tingachite chili m'masiku aja kachilombo kakadali panjira. Choyamba n'chotchipa moti anthu amachipeputsa: sopo ndi madzi. Ndinamugwira mnyamatayo dzanja pampopi, n'kutsuka chalacho ndi sopo wochapira kwa mphindi 15, ndikuyang'ana nthawi pa foni. Yesani, muona kuti mphindi 15 ndi zambiri. Pofika yachitatu mwana anali akulira kuti zakwana. Sopo amasungunula kachikopa kamafuta kamene kamakuta kachilomboka, madzi n'kukokolola malovu otsala. Mukakhala ndi ayodini kapena sipiriti, pakani mukatha kutsuka. Phulusa, tsabola, mchere, mankhwala otsukira mano, zonsezo zimangodetsa bala. Osalimanganso mothina, ndipo ngakhale kuchipatala sathamangira kusoka bala la galu.

Kutsuka kumachepetsa ngozi, sikuithetsa. Tsiku lomwelo tinapita kuchipatala, titatenga kabuku ka kuchipatala ka mwanayo. Katemera wa chiwewe ndi wodabwitsa chifukwa amagwira ntchito munthu atalumidwa kale. Amaphunzitsa thupi kupanga asilikali olimbana ndi kachilomboka, ndipo thupi limafuna sabata imodzi kapena kuposerapo kuti asilikaliwo achuluke. Ndi mpikisano: thupi likonzeke kachilombo kasanakhazikike mu mtsempha. Tsiku lililonse limene mukudikira kuti muone ngati bala litupe, mukupatsa mdani mtunda.

Akuluakulu ambiri amakumbukira majakisoni a pamchombo a masiku ambirimbiri, n'chifukwa chake amaopa. Zimenezo zinatha. Masiku ano amabaya paphewa, ana aang'ono kwambiri pantchafu, osati pathako. Wathuyu anamubaya tsiku loyamba, n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha masiku 3 ndi masiku 7. Pali ndondomeko zina zimene zimafika tsiku la 14 kapena la 28, ndiye tsatirani masiku amene akulemberani. Jakisoni mmodzi sakwana, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera: bala lapola, thiransipoti yavuta, wachiwiri n'kumusiya. Mayi woyembekezera ndi khanda amalandiranso katemerayu popanda vuto. Bala likakhala loboola khungu, makamaka lakuya kapena la kumutu, pali mankhwala ena a chitetezo chopangidwa kale amene amabayidwa m'bala mwenimwenimo kuti agwirize mlonda podikira katemera. Amasowa ndiponso ndi odula, koma funsani. Mukumbutsenso za jakisoni wa kafumbata. Ndipo ngati munalumidwa masabata apitawo n'kungokhala, pitanibe lero; malinga zizindikiro sizinayambe, katemera amaperekedwa.

Tsopano za galu. Anyamata a m'mudzimo anali atatola kale miyala, ine n'kuwaletsa. Galu amayamba kutulutsa kachilomboka m'malovu kutangotsala masiku ochepa kuti adwale n'kufa. Choncho galu amene waluma akamangidwa bwino, akupatsidwa chakudya ndi madzi, n'kukhala wathanzi masiku 10, ndiye kuti tsiku limene analumalo analibe chiwewe m'malovu. Mukamupha n'kumutaya m'dzenje mwataya umboni. Ngati ndi wolusa moti sangamangike, itanani a vetenale, poti iwo angathe kutumiza mutu wake kukayezedwa; inu musaugwire ndi manja. Koma masiku 10 amenewa si odikira kunyumba ayi. Katemera amayamba tsiku loyamba, ndipo oti musiye kapena mupitirize ndi achipatala.

Anthufe timaganiza kuti galu wachiwewe ndi yekhayo wothamanga ali dovu chuchuchu, kuluma mitengo ndi miyala. Alipo wina wofatsa, amene amangokhala duu pakona, chibwano chili pansi, akulephera kumeza. Mwini wake amati fupa lamutsamwa, n'kupisa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Chonde, dzanja lanu lisalowe m'kamwa mwa galu wotere.

Chimene chinandipweteka pa nkhani yonseyi n'choti nditafunsa eni kagaluko za chiphaso cha katemera, anati n'kakang'ono, sikanafike pobayitsa. Pa makampeni a katemera ana agalu amabayidwanso. Pafupifupi chiwewe chonse cha anthu chimachokera kwa agalu, ndipo akatswiri anapeza kuti agalu 70 pa 100 alionse m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa kolowera n'kuzilala. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito imeneyi mu 2015, n'kubaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, mwaulere. Kupha agalu oyendayenda, kumene ambiri amakukonda, sikuthetsa matendawa, chifukwa malo a galu wophedwayo amalowapo wina wosabayidwa. Kwa ine, munthu amene amafuna galu womulondera nyumba usiku koma osamukokera pa chingwe kukabayitsa kamodzi pa chaka, akubwereka moyo wa ana a anzake.

Kagalu kaja kanafa pa tsiku lachisanu ndi chimodzi kali pa chingwe, miyendo yakumbuyo italobodoka. Mnyamatayo anali atabayidwa kale kawiri, ndipo m'mawa mwake agogo ake ndi amene anamuperekeza kukalandira wachitatu.