Kabokosi kopanda kanthu si ziro: maganizo anga pa avereji ya malikisi

Aphunzitsi anzanga amene mumalemba malikisi a ana mu Excel kapena Google Sheets, pali nkhani imene imandivutitsa mumtima nthawi iliyonse teremu ikamatha. Ambirife timalemba fomula ya AVERAGE pa mwana woyamba, nkuikokera pansi mpaka pa womaliza, kenaka nkutenga nambala zimene zatulukazo kukaika pa malipoti. Timakhulupirira kuti poti yawerengera ndi kompyuta, palibe chimene chingalakwike. Masamuwo kompyutayo siiphonya ayi. Vuto ndi lakuti siidziwa chifukwa chimene kabokosi ka mwana kalibe malikisi, ndiye pamene ife sitinanene kanthu, iyo imangotsata lamulo lake.

Lamulolo ndi ili. AVERAGE imaphatikiza manambala amene yawapeza nkugawa ndi kuchuluka kwa manambalawo. Kabokosi kopanda kanthu imakadumpha, kabokosi kokhala ndi mawu imakadumphanso, koma 0 imamuwerenga ngati nambala ina iliyonse. Zikumveka zazing'ono, koma taonani zimene zimachitika pa ana anayi okha.

Tiyerekeze kuti maina ali mu kolamu A, mayeso asanu a teremu ali kuyambira B mpaka F, onse ndi a pa 100, ndipo mu G talembamo izi:

```
=AVERAGE(B2:F2)
```

Mwana wa pa mzere 2 adapeza 80, 75 ndi 85. Mayeso awiri enawo, amene ankadziwa kuti ndi a mitu yomuvuta, adangojomba popanda chifukwa, ndipo mphunzitsi adasiya timabokosi take tiwiri tili topanda kanthu. Fomula iphatikiza 240 nkugawa ndi 3, mwanayo atuluka ndi 80. Mnzake wa pa mzere 3 adalemba onse asanu, adapeza 70, 72, 68, 75 ndi 65. Zonse pamodzi ndi 350, kugawa ndi 5, avereji yake 70. Mukasanja ana potengera kolamu G, wothawa mayeso uja akhala pamwamba pa amene adabwera tsiku lililonse nkulimbana ndi mayeso ovuta omwe. Timabokosi tiwiri tija tikadalembedwa 0, avereji yake ikadakhala 240 kugawa ndi 5, yomwe ndi 48. Kusiyana kwa 80 ndi 48 kwachokera pa kabokosi kosiyidwa, osati pa nzeru za mwana.

Wina akaona zimenezi amati basi, njira ndi yophweka, paliponse pamene palibe malikisi tiikepo 0, kapena tigwiritse ntchito SUM nkugawa ndi 5. Apa ndi pamene ndimakana. Onani mwana wa pa mzere 4. Adapeza 62, 58, 66 ndi 70, koma mayeso achitatu sadalembe chifukwa adali atagonekedwa m'chipatala, ndipo makolo ake adabweretsa kalata. Pa mayeso anayi amene adalemba ali ndi 256, avereji yake 64. Mukamuikira 0, agwera pa 51.2. Mwana ameneyu sadalephere kalikonse. Kumulembera 0 ndi kunena kuti adakhala pansi, adaliona funso nkulephera lonse, pamene zoona zake nzakuti sitidamuyese. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kumulakwira mwana, ndipo chimandiwawa kwambiri ndi chakuti iye ndi makolo ake sangadziwe kumene malikisiwo adatayikira.

Pali njira inanso imene anthu amapatsana, yochotsa maziro onse pa chiwerengero:

```
=AVERAGEIF(B5:F5,"<>0")
```

Fomula imeneyi imathandiza pamene maziro ali pa shiti ndi ongodzazira malo. Koma siisiyanitsa 0 wodzazira malo ndi 0 weniweni. Mwana wa pa mzere 5 adalemba mayeso onse ndipo adapeza 50, 0, 60, 55 ndi 45. Ziro ameneyo ndi wake ndithu, pepala lake lilipo. Avereji yoona ndi 210 kugawa ndi 5, yomwe ndi 42. AVERAGEIF ija igawa ndi 4 nkumupatsa 52.5. Ngati malire okhozera ali pa 50, mwana amene amafunika thandizo lachangu aoneka ngati zonse zili bwino, ndipo palibe adzamuitane kuti akambirane za mutu umene sadaumve nkomwe.

Ndiye ana anayiwa akutionetsa kuti palibe fomula imodzi imene ingawachitire onse chilungamo ngati zimene talemba pa shiti sizikunena zoona. Maganizo anga ndi akuti nkhaniyi isamathere pa fomula. Iyambire pa kugwirizana, aphunzitsi onse a kalasi imodzi, kuti chilichonse cholembedwa m'kabokosi chikutanthauza chiyani, teremu isanayambe. Ine ndimakonda zinthu zitatu zokha. Mwana amene adalemba, timuikire nambala yake, ngakhale itakhala 0. Amene adajomba popanda chifukwa, ngati lamulo la sukulu likuti alandire 0, tilembe 0 ndi dzanja lathu, tikudziwa chimene tikuchita. Amene adaloledwa kusalemba, monga wodwala uja, timuikire chilembo, mwachitsanzo D. Popeza AVERAGE imadumpha mawu, avereji yake ikhalabe 64, koma aliyense wotsegula shitiyo aona kuti sikuti mphunzitsi adaiwala. Zikatero kabokosi kopanda kanthu katsala ndi tanthauzo limodzi lokha, lakuti malikisi sanalowetsedwe, ndipo pa tsiku lotulutsa malipoti sikayenera kupezeka.

Kuti kasamadutse mosaoneka, fomula ya mu G ikhoza kukana kupereka avereji mpaka mzere wonse utadzazidwa:

```
=IF(COUNTBLANK(B2:F2)>0,"Onaninso",AVERAGE(B2:F2))
```

Pambali pake, mu H, ndi bwino kuika COUNT(B2:F2), imene imawerenga kuchuluka kwa manambala amene avereji yachokerako. Kolamu imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika ngati avereji yomwe. 80 wochokera pa mayeso 3 ndi 70 wochokera pa mayeso 5 si zinthu zoti nkuziika pa sikelo imodzi, ndipo mphunzitsi wamkulu kapena kholo ayenera kuziona zonse ziwiri pamodzi. Njira ya chilembo D ilinso ndi malire ake. Mwana amene adadwala nthawi yaitali nkulemba mayeso amodzi okha adzakhala ndi avereji yofanana ndi malikisi a tsiku limodzilo. Pamenepo sukulu iyenera kunena kuti mayeso ochepetsetsa oti munthu apatsidwe avereji ndi angati. Ngati sadalembe ngakhale amodzi, AVERAGE ionetsa #DIV/0! chifukwa palibe chogawira. Musafulumire kubisa uthenga umenewo poikapo 0. Ukunena zoona, kuti mwanayu alibe avereji.

Chenjerani ndi AVERAGEA, imene dzina lake limafanana ndi inzake ndipo imaoneka pa mndandanda womwewo mukayamba kulemba. Iyo imatenga mawu ngati 0. Chilembo D chija chikhala ziro, wodwala uja abwerera pa 51.2.

Tsopano msampha umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa umagwira ngakhale anthu osamala. Ambiri amakhala ndi shiti imodzi yolowetsamo malikisi, ina yachidule yopangira malipoti, imene imakoka manambala kuchokera ku yoyamba. Mu Excel, mukalemba fomula yongoloza kabokosi kopanda kanthu, monga =Mayeso!D4, zotsatira zake sizikhala zopanda kanthu. Zimakhala 0. VLOOKUP nayonso ikapeza kabokosi kopanda kanthu imabweza 0. Choncho mwana mmodzi yemweyo akhoza kukhala ndi 64 pa shiti yoyamba, ndi 51.2 pa yachiwiri, popanda munthu aliyense kulemba ziro. Kukonza kwake ndi kuuza fomula kuti ikapeza palibe kanthu isabweretse nambala:

```
=IF(Mayeso!D4="","",Mayeso!D4)
```

Zimene fomulayi imabweza pamenepo ndi mawu opanda chilembo chilichonse, ndipo AVERAGE imawadumpha. Choipitsitsa ndi pamene wina, pofuna kuti shiti izioneka yaukhondo, wachotsa chizindikiro pa Show a zero in cells that have zero value, imene ili ku File, Options, Advanced. Maziro onse amabisika, timabokosi timaoneka toyera, koma mkati muli 0 ndipo akuwerengedwa. Maso sangakuuzeni. Dinani pa kabokosiko muone chimene chalembedwa pa mzere wa fomula pamwamba, kapena yang'anani COUNT ija. Ngati mukuona manambala anayi koma COUNT ikuti 5, pali ziro wobisika.

Zimachitikanso mwa njira yosiyana, kuti mukuona manambala asanu koma COUNT ikuti 4. Apo ndiye kuti nambala imodzi idasungidwa ngati mawu, kawirikawiri chifukwa idakoperedwa kuchokera kwina, kapena munthu adalemba chilembo O m'malo mwa 0. Nambala yotere nthawi zambiri imakhala kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja, ndipo ikakhala nambala yeniyeni yosungidwa ngati mawu Excel imaikapo kachizindikiro kobiriwira pakona. AVERAGE imaidumpha mwakachetechete. Mwana wa pa mzere 3 uja, 75 wake akasanduka mawu, atsala ndi 275 kugawa ndi 4, yomwe ndi 68.75 m'malo mwa 70. Kusiyanako ndi kochepa moti palibe angakukaikire, komabe nkokwanira kumutsitsa malo angapo m'kalasi.

Zomwezi zimakhudza avereji ya kalasi yonse, imene nthawi zambiri ndi imene amaweruzira ntchito ya mphunzitsi. M'kalasi ya ana 40, ngati olemba adali 30 ndipo malikisi awo onse ndi 1800, avereji ndi 60. Khumi osalembawo akaikidwa maziro, itsika kufika pa 45. Nambala yoyamba ikunena mmene adakhozera amene adalemba. Yachiwiri yasakaniza kukhoza ndi kujomba, ndipo wowerenga sangadziwe ngati vuto lili pa kaphunzitsidwe kapena pa kabweredwe ka ana. Aphunzitsi awiri a phunziro limodzi, wina wosiya timabokosi topanda kanthu, wina woika maziro, akhoza kuoneka osiyana ndi malikisi 15 pamene ana awo adakhoza mofanana. Nchifukwa chake pa lipoti la kalasi ndimafuna palembedwe zonse, kuti avereji ndi 60, olemba 30 mwa 40.

Pempho langa kwa inu amene mukukonza malipoti ndi lakuti musanasindikize, onjezani kolamu ya COUNT, musanje ana kuyambira amene ali ndi nambala yochepa, kenaka mzere uliwonse umene sukufika pa 5 muufananize ndi mapepala a mayeso ndi kaundula wa kalasi. Maziro onsenso muwaone mmodzimmodzi, kuti mudziwe amene ali ndi pepala lake ndi amene adangobwera ndi fomula.