Mavidiyo athu a Chichewa sakupezeka chifukwa sitilemba zimene tayankhula

Anzanga opanga mavidiyo kuno ku Zomba, maganizo anga ndi awa: timatha mphamvu pa mutu wa vidiyo ndi kachithunzi kake, koma mawu amene tayankhula m'katimo timangowasiya m'malere. Makina ofufuzira a YouTube ndi Google amadalira kwambiri zolembedwa. Mutu wa vidiyo pa YouTube sungapitirire zilembo 100, pomwe munthu woyankhula mphindi 12 amatulutsa mawu oposa chikwi. Mawu onsewo akalembedwa m'fayilo ya makapushoni amakhala pambali pa mutu uja. Woonera sawaona pokhapokha atadina CC, koma makina amatha kuwawerenga.

Tiyerekeze kuti mwajambula ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mutu mwaika wakuti "Ulendo wa ku Kachulu". M'katimo mayi wina akufotokoza kayanikidwe ka matemba, msodzi akusiyanitsa makumba ndi mlamba, mwini bwato akunena za ulendo wa ku chilumba cha Chisi, agogo akukumbuka momwe nyanja inaphwera mu 1995. Ndiye wogulitsa nsomba ku Limbe walemba pa foni kuti "kuyanika matemba". Pa mutu wanu palibe liwu limeneli ngakhale limodzi. Nzeru za mayi aja zilimo, koma njira yozifikira palibe, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ambiri amayankha kuti, "Ine ndimaika kale mawu pa vidiyo." Ngati mawuwo munawamata pa chithunzi pokonza vidiyo, asanduka mbali ya chithunzicho ngati dzina lopenta pa bwato. Woonera amawerenga, inde, koma musadalire kuti makina awatenga ngati zolembedwa. Mungadziwe mosavuta: ngati mawuwo sazimitsika ndi CC, ndi omata.

Enanso amadalira makapushoni amene YouTube imadzilembera yokha. Pa Chichewa apa ndi pamene zimasokonekera. Makina akaganiza kuti mukuyankhula Chingelezi amalemba mawu a Chingelezi ongofanana kamvekedwe, opanda mutu weniweni, ndipo zimenezo ndi zomwe zimakhala pambali pa vidiyo yanu. Tsegulani vidiyo yanu ina yakale, pansi pa malongosoledwe dinani Show transcript, muwerenge. Mukapeza zachilendo, kapena osapeza kanthu, ntchito ikadalipo.

Kachitidwe kake ndi aka. Mu YouTube Studio sankhani Subtitles, chiyankhulo cha vidiyo muike Nyanja, popeza Chichewa chimapezeka ndi dzina limeneli. Kenako mutha kulemba pomwepo ndi Type manually, kapena kulemba fayilo ya `.srt` panokha n'kuikweza ndi Upload file, posankha With timing. Fayiloyo imaoneka chonchi:

```
1
00:02:10,000 --> 00:02:14,500
Matemba timayanika pathandala,
osati pamchenga.
```

Nambala pamwamba, nthawi yoyambira ndi yothera, kenako mawu, ndipo musiye mzere wopanda kanthu musanayambe nambala 2. Onetsetsani kuti pakati pa masekondi ndi manambala atatu omalizawo pali koma, chifukwa dontho ndi la mtundu wina wa fayilo, wa `.vtt`. Posunga sankhani UTF-8, apo ayi ŵ wa mu Malaŵi atha kutuluka ngati tizizindikiro tosamveka. Auto-sync, imene imalumikiza yokha mawu ndi nthawi, musaiyembekezere kwambiri: imadalira kuti makina amve chiyankhulocho. Nthawi muziika ndi manja, mukumvetsera ndi mahedifoni. Ndi ntchito yotopetsa, sindikana, ndiye yambani ndi vidiyo imodzi imene anthu adzaifunebe chaka chamawa.

Pali chinyengo china chimene ndikuchikana kotheratu. Wina akamva kuti makina amawerenga makapushoni, amayamba kuthiramo "Zomba Plateau", "Ku Chawe", "Chancellor College" pomwe palibe amene wazitchula. Kumbukirani kuti mnzathu wosamva amadalira makapushoni omwewo kuti atsatire zimene mayi a matemba akunena. Mukamulembera zabodza mwamulakwira, ndipo amene wabwera kudzafuna Ku Chawe n'kupeza nsomba amachoka nthawi yomweyo. Lembani zimene zanenedwa basi. Ngati mukufuna dzina la malo lipezeke, litchuleni ndi pakamwa pojambula: nenani kuti "kuno ku Kachulu", osangoti "kunoko". Kalembedwe kena, monga mulamba m'malo mwa mlamba, kaikeni m'malongosoledwe, omwe amalola zilembo 5,000.

Makapushoni paokha sakweza vidiyo kufika pamwamba. YouTube imayang'ananso ngati anthu akuonera mpaka kutali. Kuti muone ngati pasintha kanthu, pakapita milungu ingapo lowani mu Analytics, mupeze YouTube search terms pa vidiyo ija. Muyang'ane ngati mwayamba kubwera mawu onga "matemba" kapena "Chisi", amene mulibe m'mutu kapena m'malongosoledwe.