Chenjezo kwa ana a atachimenti: fomu ija siyolemba uli chiimire

Ana inu amene mukupita ku atachimenti, tamverani kuno ndikuuzeni, chifukwa zomwe ndikuona pa mafomu anu zikundiwawa mumtima. Ndagwira ntchito yolandira mafomu amenewa ndi kuyendera ophunzira kumalo awo kwa zaka zambiri ndithu, koma chaka chilichonse zolakwika ndi zomwe zomwezo, munthu wamkulu ndithu wophunzira bwino kulemba fomu atayitsamiritsa pakhoma tsiku lomaliza, bolopeni yobwereka, kenako nkuponya pa tebulo nkumapita. Mukuiwala kuti pepala limenelo ndi lokhalo lotiuza ife komwe muli ndi amene akukuonani. Mukangochoka pakoleji ife sitikuonaninso, timaona pepalalo basi.

Ndiyambe ndi gawo la kampani kapena bungwe lomwe lakulandirani. Apa ambiri mumalemba dzina lomwe anthu amangoitchulira kampaniyo, mwinanso zilembo zitatu zachidule, ayi. Tengani kalata yomwe anakuyankhani kuti akulandirani, yang'anani pamwamba pake, dzina lonse lili pamenepo mukopere momwe liliri. Ndiye pali nkhani ya adilesi, iyi ndiye imandipsetsa mtima kwambiri. Adilesi yofunika ndi ya malo omwe miyendo yanu izikaponda m'mawa uliwonse, osati bokosi la kupositi, osatinso likulu la kampani ngati inuyo akutumizani ku nthambi kapena ku saiti. Lembani nthambi yake, dipatimenti yake, ndipo ngati mpata wachepa onjezerani pambali kapena kapepala kena. Munthu angakupezeni bwanji mu bokosi la kupositi?

Panali mnyamata wina wa zamagetsi, wakhama ndithu, sindimutchula. Pa fomu yake analemba likulu la kampani, pa supavaiza analemba dzina la mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito amene anasayina kalata yomulandira. Tsiku loyendera litakwana ndinanyamuka ndi mapepala anga, ndafika pa geti, mlonda akuyang'ana m'buku lake akuti dzina limeneli palibe. Andilowetsa kwa mayi aja, mayi aja akuti eya dzinali ndikulikumbuka, koma mwanayo ndinangomuona tsiku loyamba, tinamutumiza ku saiti, ndipo ndi ulendo wa maola angapo kuchoka pano. Ndikuwafunsa kuti nanga amagwira bwanji ntchito, angoseka mwaulemu, akuti bambo ine ndingadziwe bwanji, sindinamuonepo atagwira ngakhale waya. Ndinabwerera opanda malikisi aliwonse, tsiku latha, ana ena awiri omwe ndikanawaona tsiku limenelo sindinawaone. Mnyamatayo anali pantchito tsiku lililonse osajomba, koma pa pepala langa zinaoneka ngati munthu wothawa, ndipo zotsatira zake zinachedwa anzake onse atalandira kale, mpaka tinachita kukonza ulendo wina.

Ndiye mumvetse bwino, supavaiza wa ku kampani si bwana wamkulu, si amene anasayina kalata yokulandirani, komanso si malume anu amene anakupezerani malowo. Ndi munthu amene azikupatsani ntchito m'mawa, azikuonani mukuigwira, azisayina logibuku yanu sabata ndi sabata, pomaliza nkudzalemba lipoti la momwe mwachitira. Ngati simunamudziwe musalote dzina, funsani tsiku loyamba lomwelo kuti kodi amene azindiyang'anira ndi ndani, mupite kwa iyeyo mwaulemu ndi fomu yanu m'manja. Mumufunse dzina lonse ndi kalembedwe kake, udindo wake weniweni, nambala yomwe amayankha, ndi imelo ya kuntchito. Akakuuzani nambala muiyimbe pompo ali pomwepo muone ngati foni yake ikulira, chifukwa nambala imodzi yokha ikasemphana ndiye kuti tikuyimbira munthu wachilendo amene sakudziwani. Imelo nayo ikasowa kadontho kamodzi fomu yoikira malikisi siifika, ndipo supavaiza wanuyo sadziwa nkomwe kuti panali chinthu chomwe amayenera kulandira.

Enanso mumasokoneza masupavaiza awiri aja. Pali wa kukoleji, mphunzitsi amene adzabwere kudzakuyenderani, ndiye pali wa ku kampani. Mafomu ambiri amakhala ndi malo awiri osiyana, werengani mutu wa bokosi musanalembe. Ndalandirapo fomu dzina langa lili pa malo a supavaiza wa ku kampani, ndiye ndizidziyimbira ndekha kufunsa ngati mwafika kuntchito?

Koma pali khalidwe lina loipa zedi lomwe ndikufuna lithe. Kulemba nambala ya mnzako pa malo a supavaiza kuti tikayimba aziyankha kuti mwanayu ali bwino, kapena kusayina wekha pa malo a siginecha yake chifukwa akuti bwanayo anali kolowera kwina ndipo tsiku lomaliza lakwana. Ana inu, kumeneko ndi kubera, ndipo kumaonekera msanga kuposa momwe mukuganizira. Siginecha ya pa fomu timaifanizira ndi ya mu logibuku, zikasiyana timafunsa. Munthu wa pa foni uja tikangomufunsa kuti sabata ino mwanayu mwamupatsa ntchito yanji amayamba chibwibwi. Zikatero nkhani siikhalanso ya fomu, imapita ku komiti yoona za mwambo, ndipo kampani nayo ikamva kuti mwana wa koleji yakuti anabera siginecha ya wantchito wawo, ang'ono anu obwera chaka chamawa ndi amene adzapeze chitseko chotseka. Ngati supavaiza palibe bwerani mudzatiuze, tidzakupatsani masiku owonjezera kapena tidzalankhula ndi wachiwiri wake. Chidindo cha kampani nacho musachiiwale pomwe fomu ikuchifuna, ndipo chioneke, osati chofufutika ngati chagwa m'madzi.

Za masiku ndinene mwachidule. Tsiku loyamba ndi lomaliza zifanane ndi zomwe zili m'kalata, mwezi muulembe m'mawu chifukwa 03/04 wina awerenga 3 Epulo wina awerenga 4 Malichi. Tiyerekeze koleji yanu ikufuna masabata 12, kalata ikuti muyamba Lolemba pa 3 Malichi kumaliza Lachisanu pa 23 Meyi, pamenepo zakwana bwino. Koma ngati mwachedwa nkuyamba pa 17 Malichi, pofika pa 23 Meyi mwangochita masabata 10, ndiye muyenera kupempha kampani kuti mufike pa 6 Juni ndipo fomu isinthidwe, osangosiya masiku akale aja poganiza kuti palibe adzawerenge. Timawerenga, logibuku imanena yokha tsiku lomwe munayamba.

Chimodzimodzinso akakusamutsani pakati pa atachimenti, kaya mwapita nthambi ina, kaya supavaiza wanu wapita ku tchuthi kapena wasiya ntchito nkukupatsani wina. Sabata yomweyo dziwitsani ofesi ya atachimenti, molemba, dzina latsopano ndi nambala yake ndi malo atsopanowo. Musadikire kuti tidzamve kwa mlonda wa pa geti.

Musanapereke fomu ija muipatse supavaiza wanuyo awerenge gawo lake ndi maso ake, mukalakwitsa pena dulani mzere umodzi nkulemba pamwamba kapena pemphani ina yatsopano, osati kupaka paka mpaka pepala kubooka. Kenako ijambuleni pa foni mbali zonse, mupangenso fotokope imodzi muisunge limodzi ndi kalata yokulandirani ija, mukabweretsa ku ofesi onetsetsani kuti wolandirayo walemba tsiku lomwe mwapereka.